Tsamba limodzi la mafunso ndi mayankho pa maalawansi a ulendo: momwe tinalikonzera ku Mangochi

Bungwe lathu ndi laling'ono. Ofesi ili pa boma pa Mangochi, ndipo alangizi ena amakhala ku Namwera, ku Monkey Bay ndi ku Makanjira. Bodi inavomereza ndondomeko yatsopano ya maalawansi a ulendo, ya masamba 14, yolembedwa m'Chingerezi, yoti iyambe kugwira ntchito pa 1 Epulo. Ine ndinapatsidwa ntchito yotulutsamo tsamba limodzi la mafunso ndi mayankho m'Chichewa, loti mlangizi kapena dalaivala aliwerenge ali chiimire n'kudziwa ndalama zimene alandire. Mitengo yonse imene ili m'munsimu ndi ya bungwe lathu lokha, si ya boma, ndiye musaitengere kwanu. Chotengera kwanu ndi kakonzedwe kake.

Lachiwiri, 4 Malichi 2025

Zipangizo ndi zochepa: laputopu ya ku ofesi yokhala ndi Word, ndondomeko yosindikiza, zolembera ziwiri za mitundu yosiyana ndi kope la K1,500.

Ndawerenga ndondomeko yonse ndi cholembera m'manja. Chofiira ndimachonga paliponse pamene pali ndalama, nthawi, mtunda kapena tsiku lomaliza kuchita chinthu. Chobiriwira ndimachonga pamene akutchula munthu wosaina. Pomaliza ndaona kuti masamba asanu ndi limodzi alibe chochonga n'chimodzi chomwe. Amenewo ndi mawu oyamba, cholinga, matanthauzo a mawu ndi mbiri ya bungwe, ndipo sadzalowa pa tsamba lathu.

Mitengo yakale inakhazikitsidwa kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, moti anthu akhala akuonjezera za m'thumba pa malo ogona. Choncho aliyense akudikira nambala yatsopano. Nambalayo ilipo: K60,000 m'boma la Mangochi ndi m'maboma ena, K90,000 ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu. Koma ndondomeko yaigawa m'maperesenti: 60 malo ogona, 5 kadzutsa, 15 nkhomaliro, 15 mgonero, 5 zina ndi zina. Palibe amene amayenda akuwerengera maperesenti m'mutu, ndiye ndawasandutsa makwacha. Pa K60,000, malo ogona ndi K36,000, kadzutsa K3,000, nkhomaliro K9,000, mgonero K9,000, zina ndi zina K3,000. Pa tsamba padzakhala makwacha okhaokha.

Lachinayi, 6 Malichi

Mafunso sindiwapeka ndekha. Wolemba akapeka, amangotembenuza mitu ya ndondomeko kukhala mafunso, monga "Kodi cholinga cha alawansi n'chiyani?", funso limene palibe wantchito analifunsapo chiyambire. Ndapita kwa amayi a ku akaunti kukawapempha mafomu a chaka chatha amene anabwezedwa kwa eni ake. Pa fomu iliyonse yobwezedwa amalembapo chifukwa ndi pensulo, ndipo zifukwazo ndi mndandanda wa malo amene anthu amakodwa. Zambiri zinali zitatu zomwezomwezo: masiku ochuluka kuposa amene akaunti ikuvomera, kusowa lisiti ya kabaza, ndi kubweretsa fomu mochedwa.

Kenaka ndalemba pa gulu lathu la WhatsApp kuti aliyense atumize funso lake momwe angalifunsire pakamwa. Pa gulu panangoti zii. Mafunso anabwera ku nambala yanga mwamseri, ndipo ena anachita kundiimbira. Nkhani ya alawansi munthu safuna kuifunsa abwana akuona, kuopa kuoneka wokonda ndalama. Amene mukufuna kuchita ntchito ngati iyi, nenani poyambirira kuti mayina satchulidwa.

Onse pamodzi mafunso akwana 31. Ambiri ndi funso limodzi lofunsidwa mosiyanasiyana. Nditawaphatikiza atsala 16, ndipo ndawasunga m'mawu a eni ake. Adalaivala athu aakulu anafunsa kuti, "Achimwene, ndikapita ku Monkey Bay m'mawa n'kubwera madzulo, ndipatsidwa kanthu kapena ndingopsa ndi dzuwa?" Limeneli lilowa pafupifupi momwe lilili, kungochotsa za dzuwazo.

Lachiwiri, 11 Malichi

Ntchito yaima. Funso loyamba lenileni, lakuti masiku amawerengedwa bwanji, silikuyankhika, chifukwa ndondomeko ikunena pawiri. Ndime 4.1 ikuti alawansi ndi ya tsiku lililonse limene wantchito ali kunja kwa malo ake a ntchito. Tebulo la mitengo kumapeto likuti mtengowo ndi wa usiku uliwonse. Amene anawerenga ndondomekoyi mongodutsa sanachione, chifukwa malo awiriwa atalikirana ndi masamba asanu ndi atatu.

Kuti abwana aone kukula kwa nkhaniyi ndinawalembera ulendo weniweni umene timayenda kawirikawiri. Mlangizi wa pa boma akunyamuka Lolemba m'mawa kupita ku Makanjira kukaphunzitsa makomiti, akubwerako Lachinayi, akufika ku ofesi cha m'ma 4 koloko madzulo. Tikawerenga masiku, ndi anayi, ndalama ndi K240,000. Tikawerenga mausiku, wagona katatu, ndalama ndi K180,000. Kusiyana kwa K60,000 pa munthu mmodzi, ulendo umodzi. Mlangizi aloza ndime 4.1, amayi a ku akaunti aloza tebulo, ndipo onse awiri akhala akulondola.

Panali chiyeso chongosankha chimodzi n'kulemba, poti zinali zodziwikiratu kuti bodi imatanthauza usiku: mu K60,000 muli ndalama ya malo ogona, ndipo Lachinayi munthuyo agona kunyumba kwake. Koma tsamba la mafunso lilibe mphamvu yokhazikitsa lamulo. Likangonena chimene ndondomeko sinanene, tsiku lina wina adzabwera ndi ndondomeko m'manja, kapena owerengera ndalama a kumapeto kwa chaka adzafunsa kuti ndalamayi inaperekedwa potengera ndime iti, ndipo pepala langa silidzateteza aliyense. Ndatsegula tsamba lapadera m'kope la zinthu zoti akuluakulu agamule, ndipo iyi ndi yoyamba.

Abwana atawerenga anagwira pachipumi. "Ndiye takhala tikukangana ndi anthu pachabe?" Ndinawauza kuti ndondomeko yakale inalinso ndi vuto lomweli, kungoti amayi a ku akaunti ankaligamula okha ndi pensulo.

Lachinayi, 13 Malichi

Mndandanda wa zoti akuluakulu agamule wakula. Mwa mafunso 16, khumi ndi limodzi ndondomeko ikuwayankha bwinobwino. Asanu sakuyankhika, ndipo ndi omwe anthu anafunsa kwambiri.

La masiku ndi mausiku ndalinena kale. Funso lachiwiri ndi la mtunda. Ndime 4.2 ikuti wopita ndi kubwera tsiku lomwelo alandira K9,000 ya nkhomaliro ngati wayenda mtunda woposa makilomita 30 ndipo wakhala kunja maola oposa asanu ndi limodzi. Pa Monkey Bay, Namwera ndi Makanjira palibe mkangano, konseko n'kopitirira makilomita 30 kuchokera pa boma. Mkangano uli pa mlangizi amene wazungulira midzi inayi ya kufupi, cha ku Mpondasi kuno, njinga yamoto n'kuwerenga makilomita 45, koma osatalikira ofesi ngakhale makilomita 15. Wayenda mtunda woposa 30, inde, koma kodi ndi zimene bodi imatanthauza? Ndondomeko ili chete.

Funso lachitatu ndi la mvula. Nyengo ino msewu wa ku Makanjira umatha kutsekeka mtsinje ukadzaza, galimoto n'kudikira madzi aphwe. Munthu wavomerezedwa mausiku atatu, wagona anayi. Usiku wachinayiwo alipira ndani? Ndondomeko ikungoti ulendo uliwonse uvomerezedwe munthu asananyamuke, basi.

Funso lachinayi ndi la malisiti. Ndime 6.3 ikufuna lisiti pa ndalama iliyonse ya mayendedwe. Wakabaza alibe buku la malisiti, wa bwato wowolotsa anthu kupita ku madoko a asodzi alibenso, ndipo kondakitala wa minibasi ukamupempha lisiti amakuyang'ana modabwa. Alangizi ena akhala akugula buku la malisiti m'sitolo n'kumalemba okha m'malo mwa wakabaza. Ulendo ndi woona, ndalama ndi yoona, koma pepalalo ndi labodza, ndipo likagwidwa wantchito ndiye amaoneka wakuba.

Funso lachisanu sindinaliganizire n'komwe. Uno ndi mwezi wa Ramadani, ndipo anzathu ambiri muno akusala. Ndime 4.4 ikuti ngati okonza msonkhano apereka chakudya, ndalama ya chakudyacho ichotsedwe. Mayi wina mlangizi anandifunsa kuti, "Nanga ine wosala, nkhomaliro yaperekedwa koma sindinadye, mundichotserabe K9,000? Madzulo ndikafutulu ndi chiyani?" Amene analemba ndondomeko sanaganizire za Mangochi pamenepa.

Zonse zisanu ndazilemba pa pepala limodzi, chilichonse ndi chitsanzo chake cha makwacha ndi njira ziwiri zoti asankhepo. Akuluakulu ukawapatsa funso lopanda malire amakambirana mpaka dzuwa kulowa. Ukawapatsa njira ziwiri ndi mtengo wa iliyonse, amasankha.

Lachiwiri, 18 Malichi

Akuluakulu anakumana dzulo, ndipo wapampando wa bodi wasaina kalata ya tsamba limodzi yofotokozera ndime zisanuzo. Kalatayi ndi yofunika kuposa tsamba langa, chifukwa ndi imene yankho lililonse latsopano litsamirepo. Agamula motere.

Alawansi ndi ya usiku. Usiku umodzi ukutenga nkhomaliro ya tsiku lonyamuka, mgonero, malo ogona, kadzutsa wa m'mawa wake ndi zina ndi zina. Tsiku lobwerera munthu alandira nkhomaliro yokha, ngati wafika pa malo ake a ntchito itadutsa 2 koloko masana. Mtunda uwerengedwa kuchokera pa malo a ntchito a munthuyo kufika pamene watalikira kwambiri, potsata msewu, ulendo wopita wokha. Wotsekeredwa ndi mvula kapena kuonongeka kwa galimoto atumize uthenga kwa womuyang'anira tsiku lomwelo, ndipo uthengawo ukhala umboni. Pamene palibe lisiti padzakhala kafomu kosaina wantchito ndi womuyang'anira, kolemba tsiku, kochokera, kopita ndi ndalama, malire ake K15,000 pa tsiku. Wosala anene pa fomu yopempha ulendo, ndipo nkhomaliro yake sichotsedwa.

Pa mtunda ine ndikanakonda zina. Wozungulira midzi ya kufupi tsiku lonse amamvanso njala chimodzimodzi ndi wopita ku Namwera. Ndinanena, sanavomere, ndipo pa tsamba ndilemba zimene agamula.

Tsopano ulendo wa ku Makanjira uja ukuwerengeka mpaka kumapeto. Mausiku atatu ndi K180,000. Wafika 4 koloko Lachinayi, ndiye tikuonjeza K9,000, ikukwana K189,000. Lachiwiri ndi Lachitatu nkhomaliro inaphikidwa pa maphunziro ndipo iye anadya nawo, tichotse K18,000. Zotsala ndi K171,000. Ndondomeko ikuti asananyamuke alandira 80 peresenti, yomwe ndi K136,800, ndipo K34,200 alandira akabweretsa mafomu pasanathe masiku asanu ogwira ntchito. Akanakhala wosala, zonse zikanakhala K189,000. Kuti ndisaphonye, ndinaika mu Excel chiwerengero cha mausiku, 3, mu B2, cha nkhomaliro ya tsiku lobwerera, 1, mu B3, ndi cha nkhomaliro zoperekedwa, 2, mu B4:

```
=B2*60000+B3*9000-B4*9000
```

Amayi a ku akaunti anawerengera paokha ndi kakyuleta yawo osaona zanga, tinapeza chimodzimodzi.

Lachinayi, 20 Malichi

Lero ndi kulemba mayankho. Ndadziikira malamulo atatu. Yankho liyambe ndi inde, ayi kapena ndalama. Lisapitirire mizere itatu. Kumapeto kwake kukhale nambala ya ndime, kapena mawu akuti kalata ya pa 17 Malichi, kuti wokayika akaone yekha.

Taonani kusiyana kwake. Poyamba yankho la funso la adalaivala linatsatira ndondomeko momwe inayalira mawu: linayamba ndi kufotokoza kuti wantchito woyenda ulendo wovomerezeka wosafuna kugona akhoza kuyenerera thandizo la chakudya malinga ndi zoyenera kukwaniritsa, ndipo K9,000 inatulukira pa mzere wachinayi. Pano lili chonchi:

Ndikapita ndi kubwera tsiku lomwelo, ndilandira kanthu? Inde, K9,000 ya nkhomaliro, ngati kumene mwapita n'kopitirira makilomita 30 kuchokera pa malo anu a ntchito ndiponso mwakhala kunja maola oposa 6. Zonse ziwiri zikwanire. Ndime 4.2.

Mawu akuti "zonse ziwiri zikwanire" si a m'ndondomeko, koma saonjeza lamulo lililonse. Akungotsindika "ndiponso", amene anthu amamuwerenga ngati "kapena" akaona kuti ziwakomera.

Chovuta china ndi mawu akuti malo a ntchito. Anthu a pa boma amaganiza kuti zonse zimawerengedwa kuchokera ku ofesi yaikulu. Mlangizi wokhala ku Namwera akaitanidwa ku msonkhano pa boma, iyeyo ndiye ali pa ulendo, ndipo wa pa boma salandira kanthu ngakhale akhale m'chipinda chomwecho. Wa ku Namwera yemweyo akagwira ntchito ku Namwera, palibe alawansi. Izi zimabweretsa kung'ung'udza chaka chilichonse, ndiye ndalipatsa funso lakelake ndi chitsanzo cha Namwera chomwecho.

Mayankho 16 atatha, adzaza tsamba limodzi ndi theka.

Lachiwiri, 25 Malichi

Kupanikiza kuti zikwane pa tsamba limodzi kwanditengera nthawi kuposa kulemba. Chichewa chimadya malo, mawu athu ndi aatali. Poyamba ndinayesa za makina. Mu Word, pa Layout, ndinasankha Size kukhala A4, chifukwa laputopu inali pa Letter, lomwe ndi lalifupi ndi masentimita pafupifupi awiri. Pa Margins ndinasankha Narrow, pa Columns ndinasankha Two. Zilembo ndinatsitsa kufika pa Arial 10. Zinatsalabe mizere khumi ndi iwiri pa tsamba lachiwiri.

Mnzanga wa pa desiki yoyandikana anati nditsitse zilembo zifike pa 8. Zinakwanadi, koma nditasindikiza n'kukapatsa adalaivala aakulu aja, anatambasula mkono mpaka kumapeto n'kunena kuti magalasi anaiwala kunyumba. Kutsitsa zilembo kuli ngati kupondereza ufa m'thumba laling'ono: ulowa ndithu, koma thumbalo silimangika. Ndinabwerera pa 10 n'kuyamba kudula mafunso.

Muyeso wake unali umodzi: kodi munthu akapanda kudziwa yankho ili, ataya ndalama kapena fomu yake ibwezedwa? Ngati ayi, funsolo lituluke. Latuluka la maulendo a kunja kwa dziko, poti amene amawoloka malire pa Chiponde kupita ku Mozambique pa ntchito ndi anthu awiri okha ndipo angathe kufunsa ku akaunti. Latuluka la mtengo wa kilomita kwa woyendera galimoto yake, chifukwa likukhudza akuluakulu okha, omwe ndondomeko ali nayo m'madilowa mwawo. Awiri okhudza mafomu ndawaphatikiza, ena awiri okhudza chakudya choperekedwa ndawaphatikizanso. Atsala 12.

Malo amene anapezeka sindinaikepo funso lina. Ndaikapo katebulo ka mitengo pamwamba penipeni, ka mizere isanu ndi umodzi, ndi kabokosi ka chitsanzo cha Makanjira m'munsi. Abwana ankafuna chizindikiro cha bungwe chachikulu ndi mawu a moni ochokera kwa iwo. Tinagwirizana kuti chizindikiro chikhale chaching'ono pakona, moni apereke pakamwa pa msonkhano wa antchito.

Pansi penipeni pali mzere umodzi wosayenera kusowa: tsiku limene tsambali lalembedwa, tsiku limene mitengo yayamba kugwira ntchito, ndi mawu akuti pamene tsambali lasiyana ndi ndondomeko, yotsatidwa ndi ndondomeko. Mitengo isinthanso, ndi momwe zinthu zikukwerera muno, ndipo pepala lopanda tsiku lidzakhalabe pa khoma ku Makanjira zaka ziwiri likunamiza anthu.

Lachinayi, 27 Malichi

Kuyesa. Sindinafunse anthu ngati tsambali likumveka, poti aliyense amayankha kuti likumveka. Ndinapatsa anthu anayi, dalaivala, alangizi awiri ndi mlembi, tsambalo ndi ulendo wongoyerekeza: kunyamuka Lachitatu kupita ku msonkhano ku Zomba, okonza msonkhano alipira loji ndi chakudya chonse, kubwerako Lachisanu n'kufika ku ofesi 12 koloko masana. Aliyense awerengere yekha ndalama zake.

Yankho loona ndi K9,000. Mu K90,000 ya ku Zomba, malo ogona ndi chakudya zonse zalipiridwa, chotsala ndi 5 peresenti ya zina ndi zina, yomwe ndi K4,500 pa usiku, mausiku awiri. Ya nkhomaliro ya tsiku lobwerera palibe, chifukwa wafika 2 koloko isanakwane.

Mmodzi yekha ndiye anapeza K9,000. Awiri anapeza K72,000, mmodzi anati palibe chimene alandire. Nditaona mawerengero awo, vuto linali pa tsamba. Funso linkati, "Bungwe lina likandilipirira malo ogona, ndilandira zingati?" ndipo awiri aja anachotsa K54,000 ya loji yokha pa usiku uliwonse n'kusiya chakudya, chifukwa za chakudya zinali mu funso lina mbali yachiwiri ya tsamba. Wachinayi anaganiza kuti zonse zikalipiridwa ndiye kuti basi.

Ndakonza pophatikiza zonse mu funso limodzi: chilichonse chimene mwalipiriridwa chichotsedwa malinga ndi tebulo la pamwamba, ndipo zonse zikalipiridwa mulandira ya zina ndi zina yokha, K3,000 kapena K4,500 pa usiku. Ndinayesanso ndi anthu ena atatu amene sanaone tsamba loyamba, onse anapeza K9,000. Musayesenso ndi anthu omwe aja, yankho akulidziwa kale.

Mlembi anatulukiranso china. Tsamba linkati mafomu abwere pasanathe masiku asanu, osanena kuti ogwira ntchito. Wobwera Lachisanu akanawerenga Loweruka ndi Lamulungu. Ndaonjeza mawu awiriwo, ndime 7.1 ili nawo.

Lachitatu, 2 Epulo

Kusindikiza. Pulinta ya ku ofesi tona yake yatsala pang'ono ndipo ikusiya mzere woyera pakati pa pepala, umene unadutsa ndendende pa tebulo la mitengo, K36,000 n'kumaoneka ngati K30,000. Ndinasindikiza kope limodzi loyera pa shopu ya fotokope m'tauni, K500, n'kujambulitsa makope 40 pa K150 limodzi, K6,000.

Makope oyambirira anatuluka ndi vuto lina. Mutu wa tebulo ndinaupaka mtundu wotuwa kuti uoneke bwino, koma fotokope inaudetsa mpaka zilembo kumira. Mnyamata wa pa shopu anaimitsa makina atatulutsa asanu, anandionetsa. Ndinachotsa mtunduwo, ndinangosiya zilembo zonenepa ndi mizere. Asanu oonongekawo ndi kusindikizanso zinadya K1,250.

Makope anayi ndawaphimbitsa pulasitiki pa K2,000 limodzi, a pa khoma la ofesi zinayi. Atatu ena alowa m'mabuku a maulendo a magalimoto. Zonse pamodzi ndi kope lolembamo lija ndi mayunitsi a K3,000 oimbira alangizi, ntchitoyi yadya K20,250.

Pa foni tinakumana ndi ziwiri. Fayilo ya Word itatsegulidwa pa foni ya mlangizi wa ku Monkey Bay, zilembo zinasintha, tsamba linasefukira pa lachiwiri, tebulo n'kusweka. Ndinaisunga ngati PDF kudzera pa Save As, vuto linatha. Wina anaijambula chithunzi n'kutumiza pa gulu, koma WhatsApp imafinya zithunzi, manambala anayamba kuoneka mwachimbuuzi. Ndapempha kuti potumizirana asankhe Document, asatumize ngati chithunzi.

Alonda ndi odzipereka ena amene amayenda nafe amamasuka kwambiri m'Chiyao, ndipo ena kuwerenga kumawavuta. Mlangizi wa ku Namwera wajambula mawu m'Chiyao akuwerenga mafunso asanu okhudza iwowo, mphindi zosakwana zinayi. Asanatumize, amayi a ku akaunti anamvetsera limodzi ndi mnzathu wina wodziwa Chiyao kuti manambala asasinthe pakamwa.

Lolemba, 14 Epulo

Mafomu a masabata awiri oyamba alowa. Pa nkhani ya masiku ndi mausiku palibe amene wabwezedwa. Amayi a ku akaunti akuti munthu akayamba kutsutsa amangomulozera kabokosi ka Makanjira pa khoma.

Kafomu ka mayendedwe opanda lisiti ndi komwe kabweretsa zatsopano. Tsamba likuti malire ndi K15,000 pa tsiku, ndipo anthu atatu alemba K15,000 yeniyeni tsiku lililonse, ngakhale pa ulendo wa kabaza wa K4,000. Mmodzi nditamufunsa anati, "Achimwene, si mwalemba nokha kuti K15,000?" Anaiwerenga ngati alawansi ina. Yankholo ndalisintha kuti liyambe ndi mawu akuti mulembe ndalama yeniyeni imene mwalipira, malire abwere pambuyo. Pansi pa tsamba ndasintha tsiku, ndipo a pa khoma anayi aja tiwasintha Lachisanu magalimoto akamapita kumadera. Zimenezo ndi K8,000 ina ya pulasitiki, choncho amene mukutsatira, dikirani mafomu oyamba alowe musanaphimbitse.

Labweranso funso limene sitinaliganizire: wopita ku msonkhano ku Blantyre n'kukagona kwa achibale ku Ndirande, alandira K54,000 ya malo ogona kapena ayi? Ndondomeko sikufuna lisiti ya loji, koma sikunenanso za wogona kwa abale. Ndalilemba m'kope pa tsamba la zoti akuluakulu agamule, ndi njira ziwiri ndi mtengo wa iliyonse, kudikira msonkhano wa bodi wa mu Meyi. Akagamula lidzafuna mizere itatu, ndipo malo palibe, ndiye funso la nambala 11, lokhudza kulandirira pa Airtel Money kapena Mpamba, lidzasamukira pa fomu yopempha ulendo, pamene munthu amalembapo kale nambala yake.